Makalata Awiri a Nyumba Yopanda Denga

Kuseri kwa khitchini ya sukulu yathu ya mkombaphala kuli miyala 12 yofanana msinkhu, yooneka ngati mapilo. Ana amakhalapo akamamwa phala, ndipo alendo ena amayesa kuti tinachita kuumba dala. Amenewo ndi matumba a simenti amene anauma ali m'manja mwanga mu Okutobala 2023, ndipo ndinayesa kuwabisa m'kalata yopempha ndalama. Ndikufuna ndifotokoze mmene zinakhalira, chifukwa makomiti ambiri a m'midzi analemba makalata onga yangayo mwezi womwewo, ndipo ena adzalembanso ndalama yathu ikadzagwa.

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, wa ku Ntchisi. Atandisankha kukhala mlembi wa komiti yomanga, anthu anati aphunzitsi ndiwo odziwa cholembera. Otithandiza anali kagulu ka ana a kuno kwathu okhala ku America pamodzi ndi anzawo a kutchalitchi. Anavomera madola 10,000 omangira zipinda ziwiri, ife tiumbe njerwa ndi kutunga madzi. Nthawi imeneyo dola imodzi inali pa K1,180, choncho bajeti yathu inakwana K11,800,000. Banki ikamagula dola imapereka yocheperako pang'ono, koma ndigwiritsa ntchito mtengo womwewu kuti nkhani itsatike bwino. Tinagwirizana kuti ndalama ibwere kawiri: madola 8,000 poyamba, ndipo madola 2,000 otsalawo atumize akaona chithunzi cha denga. Gawo loyamba linalowa mu akaunti kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo linasinthidwa lonse kukhala K9,440,000.

Ntchito inayenda bwino mpaka pa bimu. Vuto linayamba ndi chizimalupsa. Simenti tinkasunga m'kachipinda ka kutchalitchi, ndipo ine ndi amene ndinauza anyamata kuti angosanja pansi, osayala matabwa, chifukwa ndinkati ithera sabata yomweyo. Denga la kachipindako linali lodontha pakona, madzi anayenderera pansi, ndipo matumba 12 a mzere wapansi anamwa. Nditapita kukatsegula patapita masiku anayi, ndinagogoda thumba limodzi ndi chala ndipo linalira ngati mwala. Ndinawakokera kuseri ndi mlonda, n'kuphimba ndi udzu. Kukomiti ndinangoti simenti ikutha msanga.

Kuuma kwa matumba amenewa ndi kumene kunabala cholakwa chachikulu. Mmisiri wathu, bambo wachikulire amene wamanga matchalitchi ambiri kuno, anandiuza kumapeto kwa Okutobala kuti, “Aphunzitsi, ndalama ilipo, tiyeni tikagule malata onse ndi simenti yopakira tsopano. Zinthu sizikukhazikika m'tauni.” Ine ndinakana. Ndinkaopa kusunganso katundu, ndinkaopa akuba, komanso mmodzi mwa osayinira ku banki anali atapita kumaliro ku Kasungu. Ndinati ndalama ili bwino ikakhala ku banki, chifukwa kumeneko sikudontha. Motero pa K9,440,000 ija tinali titagwiritsa K4,600,000, ndipo K4,840,000 inangokhala mu akaunti.

Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Wailesi inati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Posakhalitsa a MERA analengeza mitengo yatsopano ya mafuta, ndipo dizilo anachoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Mmisiri anabwera kunyumba kwanga m'mawa, anakhala pakhonde, n'kuvula chipewa. Sanandikumbutse zimene ananena zija. Anangoti mnzake waimba foni kuchokera ku Lilongwe kuti masitolo ena a zomangira atseka kuti asinthe mitengo.

Kalata yoyamba ndinailemba usiku wa pa 13 Novembala, pa nyali ya sola, ndili ndekha. Inali ya masamba atatu. Tsamba loyamba lonse linali lothokoza ndi lotchula mavesi. Lachiwiri linali lofotokoza umphawi wa dera lathu, ana oyenda opanda nsapato, njala imene ikubwera. Pempho lenileni linali kumunsi kwa tsamba lachitatu, ndipo linali motere: “Monga mwamva, kwacha yagwa ndi 44 peresenti ndipo zinthu zonse zakwera. Choncho tikupempha kuti mutiwonjezere 44 peresenti ya bajeti yathu, yomwe ndi K5,192,000, apo ayi ntchito iima.” Umboni umene ndinaphatika unali umodzi: chithunzi cha kapepala kolemba pamanja kamene mphwanga anakanditengera ku Mponela, kosonyeza mtengo wa malata. Kanalibe tsiku, kanalibe chidindo, ndipo chithunzicho ndinajambula usiku, manambala ena osaoneka.

Ndiyenera kunena poyera chimene chinali mumtima mwanga polemba nambala imeneyi. Sindinafune kuba ngakhale tambala. Koma ndinkadziwa kuti m'nambala yaikulu chotero matumba 12 aja alowamo osaoneka, ndipo sindidzafunika kuima pamaso pa a Gulupu kunena kuti ndinawononga simenti ya ana. Amayi a kunyumba atawerenga kalatayo anandifunsa ngati apampando aiona. Ndinati nthawi palibe. Ndinaitumiza m'mawa pa foni ya mwana wanga.

Kenako ndinachita chinthu china chimene mpaka lero chimandipweteka. Ndinaimitsa ntchito. Ndinkaganiza kuti tikatapa ndalama ya mu akaunti n'kufolera, otithandiza aona ngati sitikuvutika ndipo sationjezera. K4,840,000 ija inali yokwana kugula malata onse pa mtengo watsopano, matabwa ndi misomali, n'kutsalako. Koma ndinauza mmisiri kuti tidikire yankho. Makoma anakhala pamtetete, mvula n'kuyamba mwamphamvu. Zipupa zosongoka za m'mbali, zija amati gebulo, zinali zitakwera kale popanda mitengo ya denga yozigwira. Usiku wina kumayambiriro kwa Disembala kunawomba chimphepo ndi mvula, ndipo gebulo ya kuzambwe inagwera mkati. Mwamwayi munalibe munthu. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo ine ndinaziona ndi maso.

Kagulu ka ku America kaja kamakumana kamodzi pamwezi, chinthu chimene sindinafunse n'komwe. Yankho linabwera pa 9 Disembala. Anandiimbira msungichuma wawo, mayi wochokera mbali ya kwathu konkuno amene ntchito yake kumeneko ndi yowerengera ndalama. Anayamba ndi kufunsa za moyo ndi za mvula, monga mwa mwambo, kenako anati, “Aphunzitsi, kalata yanu ndaiwerenga kukomiti, koma sindinathe kuiteteza. Ndili ndi mafunso, ndipo musawatenge ngati mwano.”

Funso loyamba linali losavuta moti ndinachita manyazi. Anati, simenti imene ili kale m'maziko yakwera mtengo ndi zingati? Ndinakhala chete. Iwo anapitiriza mofatsa kuti zinthu za K4,600,000 tinagula kale pa mtengo wakale, ndipo kwacha ngakhale itagwa kakhumi sizingakwerenso. Kukwera kwa mitengo kumakhudza zokhazo zimene sizinagulidwe, ndipo kwa ife zimenezo zinali za K7,200,000. Ine ndinali nditaika 44 peresenti pa nyumba yonse, kuphatikizapo simenti imene inali kale pakhoma.

Lachiwiri linali lakuti, kodi mchenga wa kudambo kwathu umagulidwa ndi dola? Apa anafuna ndione kuti 44 peresenti ndi kukwera kwa mtengo wa dola, osati kwa chinthu chilichonse. Malata amadalira chitsulo cha kunja, choncho amatsatira dola pafupifupi phazi ndi phazi. Lole imatsatira dizilo. Koma mchenga, miyala, matabwa a bulugamu ocheka m'mudzi ndi malipiro a mmisiri amene tinasayinirana naye kale, zimenezi zimakwera pang'ono kapena mochedwa. Aliyense wodziwa ndalama akaona nambala imodzi yapakidwa pa zinthu zonse amadziwa kuti wolembayo sanapite kusitolo.

Lachitatu ndi limene sindinaliganizepo ngakhale kamodzi. Anandikumbutsa kuti madola 2,000 adakali kwa iwo. Pa bajeti tinawawerengera K2,360,000, koma tsopano akasinthidwa pa K1,700 atipatsa K3,400,000. Kugwa kwa kwacha kumene kunatipweteka pa ndalama ya mu akaunti kunatipindulitsa K1,040,000 pa ndalama imene inali isanabwere. “Mukatchula kuluza kokha, osatchula phindu,” anatero mayiwo, “anzanga kuno akuti mwina aphunzitsi sakudziwa masamu, mwina akuyesa kuti ife sitidziwa. Zonse ziwiri sizikuthandizani.”

Kenako anafika pa kapepala kanga. Iwo anali atasunga kotesheni imene tinatumiza popempha thandizo poyamba paja. M'menemo munalembedwa malata wamba a mizere, geji 28, mafiti 12. Kapepala ka ku Mponela kanali ka malata opaka utoto, amene ngakhale kwacha isanagwe anali okwera mtengo kuposa wamba. Mphwanga anangofunsa kuti malata abwino ndi zingati, wa m'sitolo n'kulemba amene iye anawaona kuti ndi abwino. Ine ndinali nditayerekeza mbuzi ndi ng'ombe, n'kunena kuti mbuzi yakwera mtengo. Pomaliza anati powerengera matumba a simenti a pa lipoti langa la Okutobala ndi msinkhu wa makoma a pa zithunzi, akuona ngati simenti yapita yambiri. Anafunsa ngati pali chimene ndikufuna kuwauza.

Ndinawauza. Ndinanena za kachipinda kodontha, za udzu umene ndinaphimbira, za uphungu wa mmisiri umene ndinaukana, ndi za gebulo. Foni inakhala zii kwa kanthawi, mpaka ndinayesa kuti netiweki yathawa. Atayankhula anati za simentizo zawapweteka, koma chimene chawapweteka koposa n'chakuti ndalama yofolerera inali mu akaunti mwezi wathunthu mvula ikugwa. Anandiuza kuti ndikagule malata mawa lomwe, ndikafotokoze zonse kukomiti yathu, kenako ndilembe kalata ina imene iwo angaiike patebulo popanda kuwonjezera mawu awo.

Lamlungu madzulo ndinaitana komiti, a Gulupu ali pomwepo, ndipo ndinawatengera kuseri kukavundukula udzu uja. Sindifotokoza zambiri za msonkhanowo. Mayi wina amene ankatunga madzi tsiku ndi tsiku kuchokera kumjigo anandiyang'ana n'kunena kuti, “Aphunzitsi, mukanangotiuza.” A Gulupu anagamula kuti za matumba 12 ndi zokonza gebulo ndi mlandu wa pamudzi, tisapemphe kunja. Theka ndilipire ine, theka mudzi usonkhe. Ndinagulitsa mbuzi zitatu.

Kusonkhanitsa umboni kunanditengera sabata yathunthu, ndipo pamenepa mpamene ndinaphunzira kuti pepala lililonse si umboni. Malisiti ndinkasunga m'jumbo ya shuga pawindo la chipinda chogona, pamene dzuwa la masana limafika. Nditatsegula jumboyo, malisiti a pa makina, aja opyapyala oterera, anali atayera. Ena ankaoneka dzina la sitolo lokha, ena anali mbee ngati sanalembedwepo. Mapepala amenewa salembedwa ndi inki koma ndi kutentha, choncho akakhala padzuwa kapena pofunda zolembazo zimazimirira. Lisiti ya simenti ya ndalama zoposa miliyoni inali kapepala koyera m'dzanja langa. Ndinaiyang'anitsa pawindo, ndinaipendeketsa, ndinayesa ndi tochi, koma ndinangoona mthunzi wa manambala awiri. Amene anapulumuka ndi olemba pamanja a m'buku la kaboni.

Ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe ndi apampando, n'kutsikira kumasitolo a zomangira a mumsewu wa Malangalanga. Pa sitolo imene tinagula simenti ndinapempha kuti atifufuzire m'mabuku mwawo. Anatidikiritsa kuyambira m'ma 10 mpaka dzuwa litapendeka, koma anaipeza, chifukwa ndinali ndi tsiku lenileni kuchokera pa sitetimenti ya ku banki, imene inasonyeza ndalama yotuluka tsiku lomwelo. Anatipatsa kope n'kudindapo. Kuyambira pamenepo lisiti iliyonse ndimaijambula pa foni ndisanatuluke pakhomo la sitolo, ndipo yeniyeniyo ndimaimata m'kope lachikuto cholimba.

Makotesheni atsopano tinatenga m'masitolo atatu, umodzi mwa iwo ukhale womwe uja unatipatsa kotesheni yoyamba, kuti mtengo wakale ndi watsopano uchokere pakamwa pamodzi. Ndinanyamula kotesheni yakaleyo m'manja ndipo ndinkawerengera wogulitsa mzere ndi mzere: geji yomweyo, kutalika komweko, simenti ya mphamvu yomweyo, penti ya malita omwewo. Pa geji munthu asamale, chifukwa nambala ikamakwera lata limapyapyala, ndipo wogulitsa akhoza kukupatsa mtengo wooneka wotsika pokulembera geji 30 kapena 32. Ndinaonetsetsa kuti pepala lililonse lili ndi tsiku, chidindo, nambala ya foni ya sitolo, ndi masiku amene mtengowo ukhale usanasinthe. Onse atatu analemba masiku 7 okha. Kotesheni ina inaoneka yotsika kwambiri, ndipo apampando anasangalala, koma titayang'anitsitsa tinapeza kuti sanaikemo msonkho wa VAT, umene unali 16.5 peresenti, pamene enawo anaikamo. Titauwonjezera, inakhala yokwera kuposa zonse.

Pa sitolo ina mnyamata wolemba anatsitsa mawu n'kundifunsa kuti, “Madala, tilembe mtengo weniweni kapena woti mukapemphere?” Anati ambiri amatero, ndipo iye amangofuna ya fanta. Mwezi umodzi m'mbuyomo sindikudziwa kuti ndikanayankha chiyani. Tsiku limenelo ndinamuuza kuti alembe umene andigulitse nawo, chifukwa nambala ya foni ili pa pepalalo idzaimbidwa. Ndipo inaimbidwadi. Mayi aja anatuma mchemwali wawo wa ku Area 25 kukafunsa mitengo m'masitolo awiri mwa atatuwo, osanena kuti watumidwa.

Kalata yachiwiri tinailemba atatu, ine, apampando ndi msungichuma wathu, mmisiri atakhala pambali kutikonza pa kuchuluka kwa zipangizo. Inakwana tsamba limodzi ndi theka. Itatha moni, inayamba chonchi:

“Tikupempha kuti mutiwonjezere madola 741, omwe ndi K1,260,000 pa mtengo wa K1,700, kuti timalize zipinda ziwiri monga tinagwirizanirana. Kalata iyi ikulowa m'malo mwa ya pa 13 Novembala, imene inapempha ndalama yolakwika. Tikupepesa chifukwa cha kalata imeneyo.

“Pa 9 Novembala, tsiku limene kwacha inagwa, ntchito yotsala inali ya K7,200,000 pa mitengo ya pa bajeti. Ntchito yomweyo, popanda kuwonjezera kanthu, tsopano ikufuna K9,500,000. Ndalama imene inali mu akaunti tsiku limenelo ndi K4,840,000, ndipo madola 2,000 amene muli nawo atipatsa K3,400,000. Zonse pamodzi ndi K8,240,000. Yoperewera ndi K1,260,000.”

Pansi pake tinajambula tebulo la mizere yowerengeka, chinthu chilichonse ndi kuchuluka kwake, mtengo wakale, mtengo watsopano, kusiyana kwake, ndi nambala ya pepala la umboni. Malata 96 anachoka pa K17,500 kufika pa K25,000 limodzi, kusiyana K720,000, ndipo poti tinali titagula kale sabata imeneyo, umboni wake unali lisiti yeniyeni, osati kotesheni. Simenti matumba 110 inachoka pa K14,000 kufika pa K19,500, kusiyana K605,000. Mizere iwiri yokhayi inanyamula kuposa theka la kukwera konse, kumene kunali K2,300,000. Zina za m'sitolo, monga mafelemu, magalasi, penti ndi misomali, zinakwera ndi K575,000. Lole inakwera ndi K160,000, ndipo tinaphatika kalata ya mwini lole pamodzi ndi chilengezo cha mitengo ya mafuta. Mchenga, miyala ndi matabwa zinangokwera ndi K90,000. Mmisiri anapempha K150,000 yowonjezera pa malipiro a anyamata ake chifukwa chimanga chinali chitakwera. Pa mzere umenewu tinalemba poyera kuti mgwirizano sutikakamiza kulipira, koma komiti yaona kuti n'zoyenera, ndipo otithandiza ali ndi ufulu wouchotsa.

Ndime yotsatira ndi imene inandivuta kulemba, ndipo ndinailemba ndi dzanja langa:

“Pali zotayika ziwiri zimene sizinabwere chifukwa cha kwacha, ndipo sitinaziike m'pempho ili. Matumba 12 a simenti anauma mu Okutobala chifukwa mlembi anawasunga pansi m'chipinda chodontha, ndipo sananene. Gebulo imodzi inagwa mu Disembala chifukwa tinachedwa kufolera ndalama ilipo. Zimenezi tikulipira tokha, ndipo mndandanda wa osonkha uli pa pepala la nambala 9. Tikuvomerezanso kuti tikanagula malata mu Okutobala monga mmisiri analangizira, K720,000 ya m'pempho ili sikanafunika.”

Apampando anafuna kuti chiganizo chomalizachi tichichotse, ati tikudzipachika tokha. Ine ndinaumirira, chifukwa sitetimenti ya ku banki inali kale m'gulu la mapepala, ndipo aliyense woiwerenga akanaona ndalama itangokhala milungu isanu. Kunali bwino amve kwa ife kusiyana n'kuti atulukire okha kachiwiri.

Tinamaliza ndi kuwapatsa posankha, chifukwa mayi aja anandichenjeza kuti kagulu kawo si banki, ndalama amasonkha pogulitsa zakudya kutchalitchi, ndipo mawu anga aja akuti apo ayi ntchito iima anamveka ngati kuopseza. Tinalemba kuti akatha kupereka yonse, timaliza zonse. Akapereka theka, tisiya penti ndi pulasitala wa kunja, koma ana alowa. Akalephera kotheratu, timaliza chipinda chimodzi, chinacho chikhale chofolera koma chopanda simenti pansi mpaka tikolole. Tinapemphanso chinthu chimene sichinkawadyera ndalama ina iliyonse: kuti madola 2,000 aja atumize msanga akangoona denga, ndiponso atilole kugula simenti yonse nthawi imodzi, popeza makotesheni ndi a masiku 7. Tinalonjeza kuti ikasungidwa pamatabwa, yotalikirana ndi khoma, m'chipinda chofolera kumene, makiyi ali ndi anthu awiri. Tinatchula tsiku limene tikufuna yankho ndi chifukwa chake. Tinasayina atatu, a Gulupu n'kudinda. Mapepala a umboni anali 11, lililonse ndi nambala yake pakona, ojambulidwa masana panja.

Kalatayi inapita pa 18 Disembala. Ulendo uno sanadikire msonkhano wa pamwezi, anakambirana pa foni. Madola 2,000 anabwera Khirisimasi isanafike. Pa owonjezerawo anavomera madola 600, osati 741. Anati mzere wa anyamata a mmisiri aulandira, koma pa malata agawana nafe kuluzako, popeza mbali ina inali kuchedwa kwathu. Sindinatsutse, ndipo ndikuona kuti anagamula bwino. Anaikanso lamulo latsopano, lakuti sitetimenti ya ku banki izipita kwa iwo mwezi uliwonse kuchokera kwa msungichuma wathu, osati kudzera mwa ine. Limeneli linandilasa, koma ndinalisayinira.

Pali zinthu ziwiri zimene tikanazikonza pachiyambi penipeni. Bajeti yathu inalibe mzere wa zogwa mwadzidzidzi. Ndinauchotsa ndine polemba, poopa kuti nambala ikakula atikana. Chikhalirecho kwacha inali itagwapo kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, chaka chimodzi ndi theka m'mbuyomo, ndipo tonse tinali tikukumbukira mmene feteleza anakwerera. Mayi aja anandiuza kuti akanaona mzere wa 10 peresenti sakanadabwa, chifukwa mabajeti ambiri a zomanga amakhala nawo. Pa bajeti yathu ikanakhala K1,180,000, pafupifupi yonse imene tinaperewera. Sitinalembenso mu mgwirizano kuti thandizolo likuwerengedwa m'madola kapena m'makwacha, ndi kuti ndalama ikasintha mphamvu phindu kapena kuluza kudzakhala kwa yani. Pa mgwirizano wa zimbudzi umene tinasayina nawo chaka chotsatira, ziganizo ziwiri zimenezi zinalowamo, ndipo anazilemba ndi msungichuma wathu, mtsikana amene ndinamuphunzitsa sitandade 6.

Ana analowa m'zipindazo mu Epulo 2024, miyezi itatu mochedwa. Kunja kwa nyumbayo sikunapakidwe penti mpaka lero, ndipo gebulo ya kuzambwe imaoneka njerwa zake zosiyana mtundu ndi zinzake. Makalata onse awiri ali m'faelo ya komiti, yoyamba pamwamba, ndipo mlembi aliyense wa komiti ya chitukuko amene akufuna kuwaona asanalembe yake akhoza kubwera Lachitatu masana, tsiku limene timakumana.